Sikirinishoti ya macheza: tingadziwe bwanji kuti yasinthidwa kapena ndi yopeka?

Sikirinishoti ndi chithunzi cha zimene zinkaoneka pa foni kapena pa kompyuta pa nthawi imene munthu ankajambula. Si machezawo ayi, ndi chithunzi chabe. Monga chithunzi china chilichonse, munthu akhoza kuchidula, kufufutapo mawu, kulembapo ena, kapena kuchipanga chonse popanda macheza amene anachitikapo. Komabe m'magulupu athu a WhatsApp, a mpingo, a makolo ndi a chibale, sikirinishoti ikangofika timaitenga ngati mboni yoona ndi maso. Ana athu amachitanso chimodzimodzi kusukulu.

Nkhaniyi inafika kale m'makhoti akuluakulu a kuno. Pakati pa Toronto, pomwe msewu wa Queen Street West umakumana ndi University Avenue, pali nyumba yakale ya mpanda wachitsulo yotchedwa Osgoode Hall. M'menemo ndi mmene mumakhala khoti la apilo la chigawo cha Ontario. Mu 2021 khotili linagamula mlandu wa R. v. Aslami, wokhudza nyumba ina imene inaotchedwa ku Ottawa. Woimbidwa mlanduyo anali atapezeka wolakwa, ndipo mbali yaikulu ya umboni inali mauthenga a pa foni, a pa Facebook ndi a pa apu ya TextNow, imene imapatsa munthu nambala ya foni kudzera pa intaneti. Khoti la apilo silinanene kuti mauthengawo anali abodza. Linanena kuti woweruza woyamba sanasamale mokwanira, popeza panalibe katswiri amene anafotokoza mmene apuyo imagwirira ntchito, kapena ngati dzina, nambala ndi nthawi za uthenga zingasinthidwe. Woweruza Ian Nordheimer anachenjeza kuti njira zochititsa uthenga kuoneka ngati wachokera kwa munthu wina ndi zambiri, ndipo sizifuna ukatswiri waukulu. Chigamulo choyamba chinathetsedwa, nalamula kuti mlandu uzengedwenso.

Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2019, khoti lomweli linali litaona vuto la mbali inayo pa mlandu wa R. v. C.B. Kumeneko woweruza woyamba anataya mauthenga amene oimbidwa mlandu anabweretsa, ati panalibe chotsimikizira kuti ndi enieni. Pa apilo panabwera umboni wa katswiri amene anafufuza m'foni mwenimwenimo, ndipo mlanduwo nawo analamula kuti uzengedwenso. Milandu iwiriyi ikutipatsa malire a zonse zimene tifotokoze pansipa. Zizindikiro za pa chithunzi zimagwira wabodza wosasamala. Koma chithunzi chopanda chilema si umboni woti machezawo anachitika, ndipo chithunzi chokayikitsa si umboni woti ndi chopeka.

Tiyambe ndi zimene maso angaone

Tiyerekeze kuti mu gulupu ya makolo mwalowa sikirinishoti ya WhatsApp. Pamwamba pali dzina ndi chithunzi cha mtsikana wa Giredi 9, mwana wa mmodzi mwa ife, ndipo m'katimo akuoneka kuti akutukwana mnzake wa m'kalasi. Wotchi ya foni, pakona yapamwamba, ikunena 16:05. Pakati pa macheza pali kachikwangwani kolembedwa Today. Pansi pake pali mauthenga anayi: awiri kumanzere, a 15:52 ndi 15:53, umodzi kumanja wa 15:58, ndi womaliza kumanzere, wa chipongwe uja, wa 16:21. Pambali pa uthenga womalizawu pali timatiki tiwiri ta buluu.

Choyamba kufunsa ndi chakuti foni imene inajambula ndi ya ndani. Pa WhatsApp mauthenga a mwini foni amakhala kumanja, ndipo a munthu winayo amakhala kumanzere. Dzina lapamwamba ndi la munthu winayo, osati la mwini foni. Choncho m'chitsanzo chathu chithunzi chikunena kuti chinajambulidwa pa foni ya mnzake uja, ndipo mawu a mtsikanayo ndi akumanzere. Apa ndi pamene timatiki tikuulula bodza. Timatiki, tofanana ndi tija mphunzitsi amachonga m'kope, timaoneka pa mauthenga amene mwini foni watumiza okha. Kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga wachoka, tiwiri totuwa ndiye kuti wafika pa foni ya winayo, tiwiri ta buluu ndiye kuti watsegulidwa. Uthenga wolandira sukhala ndi tiki ngakhale imodzi. Uthenga wakumanzere wokhala ndi timatiki ta buluu sungachokere pa WhatsApp yeniyeni. Mwina wina anakopera kabokosi kakumanja n'kukasamutsira kumanzere, kapena anagwiritsa ntchito apu yopekera macheza n'kuiwala kuchotsa timatikito.

Chachiwiri ndi nthawi. Ngati kachikwangwani kakuti Today, ndiye kuti mauthenga apansi pake ndi a tsiku lomwe chithunzi chinajambulidwa. Wotchi ikuti 16:05, koma uthenga ndi wa 16:21. Munthu sangajambule uthenga umene udzafike mphindi 16 kutsogolo. Tionenso kalembedwe ka nthawiyo. Foni imodzi imalemba nthawi mwa njira imodzi: ngati mauthenga ena akuti 15:52, sipangapezeke wina wakuti 4:21 PM pakati pawo. Ndipo wotchi ikamanena 9:41 ndendende, batire ili yodzaza, netiweki ili yonse, tiyang'anitsitse kawiri. Imeneyo ndi nthawi imene kampani ya Apple imaika pa zithunzi zotsatsira iPhone, ndipo anthu okonza zithunzi zonamizira foni amakonda kuitengera. N'zoona kuti 9:41 imakwana kawiri tsiku lililonse, choncho payokha si mlandu.

Pa nkhani ya nthawiyi pali msampha umene umagwira ife a kunja kuposa ena. Foni iliyonse imaonetsa nthawi ya kumene ili. Malawi ndi Zambia ali patsogolo pa Toronto ndi maola 6 m'chilimwe cha kuno, kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi kufika Lamlungu loyamba la Novembala, ndipo miyezi yotsalayo kusiyana kumakhala maola 7. Uthenga umene tatumiza 20:10 usiku wa mu Julayi uoneka ngati wa 02:10 tsiku lotsatira pa foni ya achimwene ku Lilongwe, ndipo mu Januwale uoneka ngati wa 03:10. Masikirinishoti awiri a macheza omwewo akasiyana maola ndi tsiku, koma mphindi zikugwirizana, palibe wasintha kanthu. Mphindi zikamasiyana kwambiri ndi pamene tiyenera kufunsa, ngakhale kuti netiweki yovuta ya kumudzi, kapena wotchi ya foni yolakwika, nthawi zina zimasokoneza ndondomeko ya mauthenga.

Chachitatu ndi maonekedwe a foniyo. WhatsApp ya pa Android ndi ya pa iPhone sizifanana. Ya pa Android imakhala ndi timadontho titatu toimirira pakona yapamwamba kumanja, ndi kachitsulo kopanira mapepala m'malo olembera uthenga. Ya pa iPhone ilibe timadontho timeneti pamenepo, ndipo imakhala ndi chizindikiro cha + kumanzere kwa malo olembera. Chithunzi chokhala ndi mutu wa Android ndi miyendo ya iPhone ndi cholumikiza. Popeza maapu amasintha maonekedwe chaka ndi chaka, tisadalire zimene tikukumbukira. Titenge foni ya mtundu womwewo, titsegule macheza alionse, tiike pambali pa chithunzicho n'kuyerekeza.

Kenako tikulitse chithunzicho ndi zala mpaka zilembo zikule ngati nyemba. Kabokosi ka uthenga kamakula molingana ndi mawu amene ali m'katimo. Munthu akafufuta chiganizo chachitali n'kulembapo chachifupi, kabokosi kamatsala ndi mpata waukulu wopanda kanthu. Akalemba chachitali, mawu amapanikizana kapena kugunda nthawi imene ili pakona. Zilembo zoonjezera nthawi zambiri zimasiyana pang'ono ndi zinzake: zonenepa, zakuda kwambiri, kapena zokwera pang'ono pamwamba pa mzere. Chilembo cha a kapena g cha mu uthenga wokayikitsa tichiyerekeze ndi chomwecho mu uthenga wina. Kumbuyo kwa macheza a WhatsApp kumakhala tizithunzi tosaoneka bwino tija, pokhapokha mwini foni atasintha. Pamene wina wachotsa uthenga wonse, tizithunzito timaduka, timabwerezeka, kapena pamatsala chigamba chosalala. Mipata ya pakati pa mabokosi nayo imatsata lamulo: mauthenga otsatizana a munthu mmodzi amayandikana, ndipo pamene wolankhula wasintha mpata umakulirapo.

Tisatenge kusaoneka bwino kwa chithunzi ngati chizindikiro. WhatsApp imachepetsa kukula kwa zithunzi zotumizidwa, ndipo chithunzi chimene chajambulidwanso kuchokera pa chinzake kangapo chimafika chitatuwa ngakhale chili choona. Chimene tikufuna ndi kusiyana m'kati mwa chithunzi chimodzi, monga mawu atatu akuthwa bwino pakati pa mawu ena onse ozimiririka. Komabe kutuwako kumathandiza wabodza, chifukwa kumabisa zipsera za pamene anasoka. N'chifukwa chake tiyenera kupempha chithunzi kwa amene anajambula, ndipo atumize posankha Document m'malo motumiza ngati chithunzi, kuti chifike mmene chinalili. Ngati pamwamba pake palembedwa Forwarded many times, ndiye kuti chadutsa m'manja ambiri, ndipo amene watipatsa sangayankhe funso lililonse za icho.

Mabodza amene sasiya chipsera

Zonse zapamwambazi zimagwira munthu amene anasintha chithunzi. Wochenjera sakhudza chithunzi. Amasintha zimene zili pa foni, kenako amajambula sikirinishoti yeniyeni, yoyera, yokhala ndi timatiki ndi nthawi zolondola.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi ya dzina. Dzina limene limaoneka pamwamba pa macheza silichokera ku WhatsApp. Ndi dzina limene mwini foni anasunga nalo nambalayo. Mwana amene ali ndi foni yachiwiri, kapena wabwereka ya mchimwene wake, akhoza kusunga nambala imeneyo ndi dzina la mtsikana wathu uja, kuika chithunzi chake chotengedwa pa Instagram, n'kudzilembera yekha chipongwe chonse. Ntchito ya mphindi zisanu. Tikakulitsa chithunzi sitipeza kalikonse, chifukwa machezawo anachitikadi, kungoti sanachitike ndi munthu amene watchulidwa. Tikhoza kudziyesera tokha pakhomo: tisinthe dzina la amuna athu kapena akazi athu mu foni likhale la munthu wotchuka aliyense, tione mmene macheza a dzulo a zogula mkaka asandukira.

Njira yachiwiri ndi yochotsa. WhatsApp ili ndi kufufuta kuwiri. Delete for everyone imasiya chizindikiro chakuti This message was deleted, ndipo aliyense amaona kuti panali kanthu. Delete for me imachotsa uthenga pa foni ya mwini wake yokha ndipo sisiya kalikonse. Choncho munthu amene anayamba kutukwana akhoza kuchotsa mawu ake onse oputa, n'kusiya yankho laukali la mnzake lili lokha ngati lagwa kumwamba. Kudula chithunzi pamwamba kapena pansi kumachita zomwezo. Apa chizindikiro chili m'mawu, osati m'zilembo. Tiwerenge ngati tikumvetsera anthu awiri akulankhula. Kodi yankho likuyankha funso limene tikuliona? Munthu akalemba kuti “iwenso” kapena “bwerezanso zimene wanenazo”, ndiye kuti panali mawu ena amene sitikuwaona. Mauthenga anayi otsatizana a mbali imodzi, aliyense akukwiyirakwiyira popanda wina kuyankha, amatiuza zomwezo. Mwa njira zonse, iyi ndi imene timaiona kuti ndi yoopsa kwambiri pakati pa ana, chifukwa mawu amene atsala ndi oonadi, ndipo mwana akafunsidwa kuti “unalemba izi?” amavomera, nkhani n'kuthera pomwepo asanafotokoze chimene chinatsogola.

Kusintha uthenga wotumiza kale n'kosiyana. Kuyambira mu Meyi 2023 WhatsApp imalola munthu kukonza uthenga wake m'mphindi 15 zoyamba, ndipo pambali pa nthawi pamalembedwa Edited. Mawu amenewa satanthauza chinyengo, ambiri timangokonza zilembo. Koma amatiuza kuti zimene winayo anawerenga poyankha mwina si zimene tikuwerenga ife.

Njira yachitatu ndi ya pa kompyuta. Macheza alionse otsegulidwa mu Chrome kapena Firefox, kaya WhatsApp Web, Instagram, imelo, ngakhale tsamba la banki, akhoza kulembedwanso pa sikirini. Munthu amadina batani lakumanja la mbewa, n'kusankha Inspect, ndipo pansi pa Console amalemba mzere umodzi:

```
document.designMode = "on"
```

Zikatero mawu a pa tsambalo amalembeka ngati kalata, m'zilembo zake zomwezo, ndipo mabokosi amadzikonza okha. Palibe chimene chasintha kwa munthu winayo kapena ku banki, ndipo kungodina F5 tsamba limabwerera mwakale. Ana ambiri a sekondale amaidziwa kale njira imeneyi. Taiika pano kuti makolo aione ndi maso kamodzi, pa tsamba la nyuzi lililonse, chifukwa amene waiona sakhulupiriranso chithunzi cha tsamba mwachisawawa.

Kalankhulidwe kamathandiza, koma pang'ono. Tonse timadziwa mmene anthu athu amalembera: uyu amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, uyu salemba zilembo zazikulu, uyu sangatchule mayi ake kuti “iwe”. Mwana wokulira ku Regent Park amene Chichewa chake chimathera pa moni sangalembe mwadzidzidzi chipongwe chokhala ndi mwambi. Komabe amene amapeka macheza nthawi zambiri ndi mnzake wapamtima, wodziwa kalembedwe kake bwino lomwe. Ndipo makolo tivomereze kuti mmene mwana amalembera kwa ife si mmene amalembera kwa anzake.

Kuchoka pa chithunzi kupita pa foni

Popeza chithunzi choyera sichitsimikiza kanthu, nkhani ikakhala yaikulu tiyenera kuona macheza enieniwo pa foni imene inajambula, mwini wake ali pomwepo. Tidine dzina lapamwamba kuti nambala ioneke, ndipo tiiyerekeze ndi nambala imene tikudziwa, manambala onse, osati oyamba okha. Nambala zambiri za mu Toronto zimayamba ndi +1 kenako 416, 647 kapena 437, za ku Malawi ndi +265, za ku Zambia ndi +260. Tiyendetse macheza m'mwamba ndi m'munsi kuti tione zimene zinatsogola ndi zimene zinatsatira. Ngati uthenga ukuyankha wina mwa kuutchula m'kabokosi kakang'ono pamwamba pake, tidine kabokosiko: kamatifikitsa pa uthenga woyambawo ngati ukadalipo, ndipo ngati sukupezeka ndiye kuti unachotsedwa. Pa uthenga umene mwini foni anatumiza, kuudina kwa kanthawi n'kusankha Info kumaonetsa nthawi imene unafika ndi imene unawerengedwa. Vidiyo yojambula sikirini ndi yabwinoko kuposa chithunzi, koma ngati sikuonetsa nambala, chinyengo cha dzina chija chimadutsamo bwinobwino. Fayilo ya Export chat nayo ndi mawu wamba amene aliyense angalembemo.

Kenako tione foni ya mbali inayo. Macheza a anthu awiri amakhala pa mafoni awiri, ndipo Delete for me ya mmodzi sikhudza foni ya mnzake. M'chitsanzo chathu, foni ya mtsikanayo ikhoza kuonetsa mauthenga asanu ndi awiri pamene chithunzi chikuonetsa anayi, ndipo atatu osowawo ndiwo mutu wa nkhani. Ikhozanso kusaonetsa kalikonse. Apa tisathamange. Mwina machezawo sanachitike, mwina mtsikanayo anafufuta, mwinanso anayatsa mauthenga odzifufuta okha, amene amachoka pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Chimene chimamasula mwana si kusowa kwa mauthenga pa foni yake, koma nambala yolakwika pa foni ya womuneneza, kapena kukana kwa womunenezayo kuonetsa foni. Munthu akamati “ndinafufuta zonse, ndangotsala ndi sikirinishoti”, tili ndi mawu ake okha basi, ndipo tiwayeze monga timayezera mawu a munthu aliyense. Ngati nkhaniyo ikupita kwa akuluakulu a sukulu kapena kupolisi, mafoni onse awiri asungidwe mmene alili, osafufuta kanthu, ngakhale mawu ochititsa manyazi, chifukwa katswiri amafufuza m'foni, osati pa chithunzi.

Pa nkhani za ndalama njira ndi yaifupi. Wogula katundu wathu pa Facebook Marketplace akationetsa sikirinishoti yakuti watumiza Interac e-Transfer, kapena amene akuti ali ndi chipinda chochititsa lendi pafupi ndi Yonge Street akatitumizira macheza ake ndi “mwini nyumba”, palibe chifukwa chowerengera timatiki. Titsegule apu ya banki yathu tokha, osadina ulalo umene watumizidwa, tione ngati ndalamazo zalowa, ndipo chipinda tikachione ndi maso tisanalipire. Kumudzi n'chimodzimodzi: amene akulandira ayang'ane ndalama zotsala mu Airtel Money poimba *211#, kapena mu TNM Mpamba poimba *444#, m'malo modalira chithunzi cha meseji. Amene waberedwa kale kuno auze banki yake tsiku lomwelo, akanene ku Canadian Anti-Fraud Centre, ndipo apolisi a Toronto amalandira nkhani zosakhala zadzidzidzi pa 416-808-2222.